Ndemanga: chida choyezera zidziwitso za pa apu, patatha miyezi 4

Ndili ndi apu yokumbutsa anthu kuwerenga phunziro la tsiku, ndipo kwa miyezi 4 ndakhala ndikutumiza zidziwitso kudzera pa chida ichi. Ndikuchipatsa nyenyezi 4 pa 5.

Chandisangalatsa kwambiri n'chakuti chimaika pamodzi anthu amene atsegula chidziwitso ndi amene athimitsa zidziwitso. Poyamba ndinkangoyang'ana otsegula basi, ndipo ndikanapitiriza choncho ndikanadzipweteka ndekha.

Ndinkafuna kudziwa nthawi yabwino yotumizira. Chidacho chinagawa mwachisawawa anthu 6,000 m'magulu awiri a 3,000. Mawu anali amodzimodzi, tsiku limodzimodzi, ndinangosintha ola: gulu lina 7 koloko m'mawa, lina 9 koloko usiku, aliyense potengera nthawi ya kumene ali. Mukasintha mawu ndi ola nthawi imodzi, simungadziwe chimene chabweretsa kusiyanako. Usiku anatsegula anthu 270, omwe ndi 9 pa 100 alionse, pamene m'mawa anatsegula 180, omwe ndi 6 pa 100. Ndinasangalala, ndipo ndinangotsala pang'ono kusamutsira onse ku usiku.

Patatha sabata ndinabwereranso pa galafu ya zotsatira ya chidacho. Mzere wa othimitsa unali utakwera: 45 m'gulu la usiku, 12 okha m'gulu la m'mawa. Otsegula anachuluka ndi 90 tsiku limodzi lokha, koma ndinataya anthu ena 33 amene sindingawafikirenso. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa munthu akathimitsa sabwerera wamba. Pa iPhone funso lopempha chilolezo limatuluka kamodzi kokha, ndipo akathimitsa, ayenera kupita yekha ku Settings kukayatsanso. Ndinabwereza mayesowa sabata yotsatira kuti nditsimikize kuti sizinangochitika mwangozi, zotsatira zake n'kukhala zofanana. Panopa ndimatumiza m'mawa.

Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa chidachi sichikuchenjezani kuti chiwerengero cha othimitsa chimabwera mochedwa. Kawirikawiri apu imadziwa kuti munthu wathimitsa akadzaitsegulanso, pamene imafunsa foni, monga pa Android kudzera mu `areNotificationsEnabled()`. Wochotseratu apu amadziwika mukadzatumiza uthenga wina n'kukanidwa. Choncho amene anakwiya Lolemba usiku amadzaoneka pa galafu Lachinayi, ndipo mukhoza kunamizira uthenga wa Lachitatu womwe sunalakwe. Zinanditengera masabata awiri kuti ndizindikire zimenezi, chonsecho chiganizo chimodzi pansi pa galafu chikanakwanira. Tsopano ndimadikira masiku 7 ndisanaweruze mayeso, ndipo magulu awiriwo sindiwatumizira china chosiyana m'masikuwo.

Ngati anthu anu ndi ochepa, mwina 300, mayeso a nthawi pa chida ichi sangakuthandizeni kwenikweni. Gulu la 150 lingakupatseni othimitsa 2 kapena 1, ndipo pamenepo palibe chimene mungagamule.