Akaunti ya bizinesi kapena ya wamba pa Instagram?

Amene mukugulitsa kaunjika wa ku Limbe pa Instagram, kusiyana kwake nkotere. Akaunti ya wamba mumaona amene alayika ndi kukomenta, koma ya bizinesi ili ndi Insights, imakuuzani anthu angati aona positi, angati aisunga, komanso nthawi imene otsatira anu amakhala pa intaneti. Tinene diresi aiona anthu ambiri koma palibe wafunsa mtengo, ndiye kuti vuto si nthawi yopositira, mwina ndi chithunzicho kapena simunalembe saizi. Kungoti Insights imayamba kuwerenga tsiku lomwe mwasinthalo, zakale musayembekezere.

Mabatani nawo amathandiza, Call ndi Email, kasitomala wa ku Ndirande amangodina nkuimba osadikira inibokisi.

Koma apa ndiye pofunika kuganiza kaye. Akaunti ya bizinesi siitheka kuitseka kukhala Private, aliyense amaona zonse, ndipo amene anapempha kukutsatirani inu nkuwanyalanyaza aja amalowa okha mukangosintha. Nambala ya pa batani ija amaiona aliyense, ena azikuimbirani usiku ndi zachibwana zawo. Ine ndimati gulani simu ina ya geni, zithunzi za ana zikhale ku akaunti yotseka.