OpenRefine yandikonzera maina a matauni, koma Chama ndi Choma musamale

Ndimagulitsa zitenje pa hoseli ku Kamwala, ndipo maoda ambiri timatumiza pa basi. Amene amalemba maoda pa kompyuta ndi ana anga awiri, aliyense ndi kalembedwe kake. Nditafuna kudziwa tauni imene imagula kwambiri, Chipata inatuluka kanayi: Chipata, CHIPATA, chipata, ndi ina yokhala ndi kampata kumapeto kosaoneka ndi maso. Ndalama za tauni imodzi zinagawika panayi, mpaka Kabwe n'kuoneka ngati ndiyo ili patsogolo.

Ndagwiritsa ntchito OpenRefine, pulogalamu yokonzera zolembedwa zosokonekera m'matebulo, miyezi itatu tsopano. Ndi yaulere, ndipo ngakhale imatseguka ngati tsamba la intaneti, mafailo amakhala pa kompyuta yanu. Ndimayamba ndi kukopera danga la matauni kudzera pa `Add column based on this column`, kuti zolembedwa zoyambirira zisatayike. Kenaka `Trim leading and trailing whitespace` imachotsa timipata, `To titlecase` n'kufananitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Apa pokha Chipata zinayi zija zinakhala imodzi.

Chimene ndaikondera kwenikweni ndi `Cluster and edit`. Imasonkhanitsa maina ofanana n'kukufunsani ngati ali amodzi. Njira ya `fingerprint` siinaone kuti KapiriMposhi ndi Kapiri Mposhi, koma `ngram-fingerprint` inawagwira chifukwa siwerengera mipata. Pa zolakwika za chala monga Petuake m'malo mwa Petauke pamafunika `levenshtein`, imene imawerenga zilembo zosiyana. Kuti ione maina aafupi ndinatsitsa `Block chars` kuchoka pa 6 kufika pa 2, ndipo `Radius`, yomwe ndi kuchuluka kwa zilembo zololedwa kusiyana, ndinaikweza kufika pa 2.

Apa ndi pofunika maso. Inandiikira Chama ndi Choma pamodzi, poti zimasiyana chilembo chimodzi basi. Chama ili kupitirira Lundazi, Choma ili pa msewu wopita ku Livingstone! Pulogalamuyi siphatikiza yokha, imadikira kuti muchonge bokosi, ndiye musachonge onse nthawi imodzi. Mukalakwitsa, `Undo / Redo` imakubwezani pamene munali.

Zimene siingachite ndi ziwiri. Siidziwa kuti Lsk ndi Lusaka kapena kuti L/stone ndi Livingstone. Amenewa ndinakonza pamanja mu `Text facet`. Siidziwanso kuti Chipata ina ndi komboni ya muno mu Lusaka. Maoda asanu ndi awiri amene ndinawerengera ku Chipata ya kum'mawa anali a makasitomala a pompano, ndipo ndinawazindikira poona kuti analibe nambala ya risiti ya basi.

Ndisanaphatikize ndalama, ndimaona kuti mizere ikadali 1,240 monga poyamba, ndipo maina atsika kuchoka pa 96 kufika pa 31, amene ndimawerenga limodzi limodzi. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Tsiku loyamba mabatani ake ndi obisika kwa munthu wozolowera Excel.