Lipoti la pendulamu ya mwala: avareji kapena galafu?

Aphunzitsi anzanga a fizikisi m'sukulu za masana muno mu Blantyre, tonse tikudziwa pendulamu yathu: mwala wotola panja, ulusi wosokera nsapato, msomali wokhomedwa pamphuthu ya chitseko, tepi ya telala ndi foni yowerengera nthawi. Zida zimenezi zimagwira ntchito ndithu. Pomwe timasiyana ndi polemba lipoti, makamaka powerengera `g`. Ena amauza ana kuti apeze `g` pa utali uliwonse kenako atenge avareji, ena amafuna galafu. Ine ndili kumbali ya galafu, ndipo chifukwa chake ndi mwala womwewo.

Titenge chitsanzo. Gulu la ana a Fomu 3 layeza ulusi kuchokera pamsomali kufika pamfundo yomwe yagwira mwala: masentimita 20, 40, 60, 80 ndi 100. Pa utali uliwonse awerenga maulendo 20, kupita ndi kubwerera kukhala ulendo umodzi, napeza masekondi 18.8, 26.0, 31.6, 36.4 ndi 40.6. Kugawa ndi 20 kukupereka `T`. Amawerenga maulendo ambiri chonchi chifukwa chala chimachedwa kudina foni ndi masekondi pafupifupi 0.2, ndipo kuchedwako kukagawidwa pa maulendo 20 sikuonekanso.

Njira ya avareji njachangu, siifuna pepala la galafu. Mwana amangolowetsa manambala mu `g = 4π²L/T²`, utali uli m'mamita. Pa masentimita 20 akupeza 8.9, pa 60 akupeza 9.5, pa 100 akupeza 9.6, ndipo avareji ya zonse zisanu ndi 9.4. Kuno ku Blantyre `g` ili pafupifupi 9.78 m/s², kotero mwana amalemba kuti kusiyanako kwadza chifukwa cha mphepo kapena kuchedwa kwa dzanja, nkutseka kope. Koma taonaninso manambalawo. Sakumwazikana uku ndi uku monga zimakhalira dzanja likamachedwa pena, kufulumira pena. Akukwera motsatana pamene ulusi ukutalika. Ichi nchizindikiro choti pali cholakwika chimodzi chomwe chikubwerezedwa nthawi zonse, ndipo avareji imangochikwirira.

Cholakwikacho nchakuti utali wa pendulamu umathera pakati pa mwala, osati pamfundo. Kampira kachitsulo ka m'labotale nkakang'ono ndiponso kobulungira, pakati pake sipavuta kupeza. Mwala wa m'mbali mwa msewu wa ku Bangwe uli ndi makona, ndipo palibe angaloze pakati pake ndi tepi. Ngati pakatipo pali masentimita 2 pansi pa mfundo, pa ulusi wa masentimita 20 taphonya ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, pomwe pa wa 100 taphonya pang'ono chabe. Nchifukwa chake ulusi waufupi ndiwo wapereka yankho loipitsitsa.

Galafu imadya nthawi, koma vutoli imalithetsa. Ikani `L` chopingasa, `T²` choimirira, ndipo jambulani mzere wowongoka wodutsa bwino pakati pa madontho asanuwo. Giradiyenti yake ikutuluka pafupifupi 4.05, ndiye `g = 4π²/4.05`, yomwe ndi pafupifupi 9.75. Masentimita 2 aja aphonyedwa mofanana pa dontho lililonse, motero angosuntha mzere wonse osasintha kupendekeka kwake. Chokoma china nchakuti mzerewo sudutsa pa ziro. Mukautalikitsa umadula mzere wa `L` cha pa masentimita 2 kumanzere kwa ziro, ndipo amenewo ndiye mtunda wochokera pamfundo kufika pakati pa mwala. Apa mwana ali ndi cholemba chenicheni pa gawo la zolakwika, chokhala ndi nambala yake. Muwaletse kukakamiza mzere kudutsa pa ziro, chizolowezi chomwe ambiri ali nacho, chifukwa akatero abwezeretsa vuto lomwelo. Pepala la galafu likasowa, kope la masamu la timabokosi limakwanira, bola sikelo idzaze tsamba.

Galafu nayonso ili ndi malire. Tepi ya telala yakale imatamuka, ndipo yotamuka imawerenga utali uliwonse mochepera, kwambiri pautali kusiyana ndi pafupi. Izi zimasintha giradiyenti yeniyeniyo, `g` imatsika, koma mzere umaonekabe wowongoka bwinobwino. Chothandiza nkuiyala tepiyo pa rula ya mita, ngakhale ili imodzi sukulu yonse, musanayambe.

Nchifukwa chake pa mndandanda wa zida mwana alembe zomwe wagwiradi: mwala, tepi ya telala, foni, komanso kuti mwala amaukokera pambali pang'ono, osapyola madigiri 10. Akakopera m'buku kuti anali ndi kampira kachitsulo ndi rula ya mita, wochonga sangamvetse chifukwa chomwe mzere waphonyera ziro. Avareji ndingailole pokhapokha nthawi yathina, ndipo pamenepo agwiritse ntchito nati yaing'ono ya galimoto pa ulusi wosachepera mita imodzi, atayeza mpaka pakati pa bowo lake.