Attachment kapena Overlay: pulani imodzi, anthu anayi, popanda kufufutirana ntchito

Anzanga awiri andifunsa funso lomweli mwezi uno, ndiye ndiyankhe kamodzi. Mukakhala anthu angapo pa pulani imodzi ya malo mu AutoCAD, mumagawana bwanji ntchito kuti wina asakwirire za mnzake?

Njira ziwiri ndizitaye msanga. Yoyamba ndi ya fayilo imodzi yomwe aliyense amatsegula mosinthana. Woyamba kutsegula ndiye amatha kusunga, ena onse imawatsegukira ngati read-only. Kenako wina amatopa kudikira, n'kusunga kope lakelake pansi pa dzina lina, ndipo pofika madzulo pali mapulani atatu osiyana, aliyense akulumbira kuti lake ndilo lenileni. Yachiwiri ndi yolowetsa ntchito ya mnzako ndi INSERT. Zimaoneka bwino tsiku loyamba, koma zomwe walowetsazo zimauma pomwepo: mnzako akasuntha msewu mawa, iwe udzapitiriza kujambula ngalande m'mbali mwa msewu wadzulo.

Chotsala ndi XREF, kulumikiza fayilo ya mnzako m'malo moilowetsa. Aliyense amakhala ndi fayilo yake yomwe amalembamo yekha, ndipo za anzake amangoziona kumbuyo ngati chithunzi chosakhudzika. Ife tinali anayi: malo.dwg ya woyeza malo, yokhala ndi malire ndi mizere ya kukwera kwa nthaka, msewu.dwg, ngalande.dwg yanga, ndi nyumba.dwg. Pamwamba pa zonse panali pepala.dwg yomwe tinkasindikizira. Mnzako akasunga zosintha zake, pakona ya pansi kudzanja lamanja pamatuluka uthenga woti fayilo yasintha, udina Reload, basi waona zatsopano. Mpaka apa palibe mkangano. Mkangano uli pa kabokosi kakang'ono kamene ambiri timangokadumpha polumikiza fayilo, kofunsa kuti Reference Type ikhale Attachment kapena Overlay.

Kusiyana kwake n'kumodzi kokha. Fayilo yolumikizidwa ngati Attachment imakutsata kulikonse: ndikalumikiza msewu.dwg mu ngalande.dwg, aliyense wolumikiza ngalande.dwg amalandiranso msewu, afune asafune. Ya Overlay imathera mwa ine. Ndimaiona pogwira ntchito, koma wolumikiza fayilo yanga amangolandira ngalande zanga zokha.

Ine Attachment inandiluma, ndipo sindinaiwale. Mnzathu wa msewu ankafuna kuyerekeza malire atsopano ndi akale, aja woyeza malo asanabwerere kukakonza ngodya imodzi. Analumikiza malo_akale.dwg mu fayilo yake ngati Attachment, n'kuiwala kuichotsa. Fayilo yakaleyo inakwera msana wa msewu.dwg n'kulowa mu ngalande.dwg yanga, n'kulowanso mu pepala.dwg. Mizere iwiriyo inali yamtundu umodzi, yogonana ndendende mbali zitatu, koma mbali yachinayi inkasiyana pafupifupi theka la mita. Poiona patali simukanadziwa. Ine ndinakoka ngalande yonse ya mbali imeneyo potsata mzere wakale, ndipo tinazindikira mapepala atasindikizidwa kale, wina atafunsa chifukwa chake mpanda ukuoneka wonenepa mbali imodzi. Masiku awiri anapita pokonza ngalande ndi kuwerengeranso kutsetsereka kwake.

Chinandipsetsa mtima kwambiri chinabwera pambuyo. Nditaipeza fayilo yolakwayo pa mndandanda wa External References, ndinayesa Detach, koma inakana. Fayilo yobwera pamsana pa inzake simungaichotse muli kumtunda. Mungathe kuibisa ndi Unload, koma kuichotseratu mpaka mutsegule fayilo yomwe inaibweretsa, ndipo mwiniwake anali ataitsegula n'kupita kukadya. Kuyambira tsiku limenelo, ndisanasindikize ndimasintha mndandandawo kukhala Tree View, chifukwa pamenepo mpamene zimaoneka kuti fayilo iti yaberekedwa ndi iti. Ndikaona dzina lolendewera pansi pa linzake lomwe sindinaliitane, ndimaima kaye.

Palinso vuto lachiwiri la Attachment pakati pa anthu ogwira ntchito limodzi. Wa msewu amafuna kuona ngalande, wa ngalande amafuna kuona msewu. Onse akagwiritsa ntchito Attachment, msewu umanyamula ngalande yomwe yanyamula msewu, ndipo pulogalamu imachenjeza za circular reference n'kudula unyolowo. Ndi Overlay aliyense amaona mnzake popanda kuzungulirana kotere.

Overlay nayo ili ndi mtengo wake, ndisaubise. Popeza fayilo ya Overlay siberekedwa ndi inzake, pepala.dwg iyenera kulumikiza mafayilo onse anayi, iliyonse payokha. Wina akawonjezera fayilo yachisanu, tinene magetsi.dwg, n'kusauza wosindikiza, pepala lituluka lopanda magetsi ndipo palibe chenjezo lililonse. Komabe chinthu chosowa chimaoneka msanga kuposa mzere wabodza wokhala ngati weniweni. Attachment ndimailola pamalo amodzi: pamene mwadala mukumanga mtolo, monga fayilo yosonkhanitsa nyumba zonse kuti ilowe pa pepala ngati chinthu chimodzi, ndipo ili ndi mwini mmodzi wodziwa zomwe waikamo.

Kuti dzanja lisaterereke, pa kompyuta ya aliyense ndimaika izi:

```
XREFTYPE 1
XLOADCTL 2
VISRETAIN 1
```

Yoyamba imapangitsa Overlay kukhala yosankhidwa kale. Yachiwiri ndi yofunika kwambiri pa nkhani ya kutsekerana: ikakhala 1, fayilo yomwe mwangolumikiza imagwidwa ndi inu, ndipo mwiniwake sangasungemo. Ikakhala 2, pulogalamu imawerenga kope lapadera n'kumusiyira mwini fayilo yake. Yachitatu imasunga maleya a mnzanu omwe mwazimitsa kapena kusintha mtundu mu fayilo yanu, osakhudza yake, koma iyoyo imasungidwa mu fayilo osati pa kompyuta, ndiye iikidwe mu fayilo iliyonse.

Pa Path type sindichedwapo. Sankhani Relative path, mafayilo onse akhale mu foda imodzi ya ntchitoyo, ndipo musunge fayilo yanu kaye musanalumikize. Full path imaloza dilaivi ya kompyuta yanu, ndiye kwa mnzanu amene seva yomweyo ili pa chilembo china angoona Not Found. Polumikiza, malo olowera akhale 0,0,0, sikelo 1, kutembenuka 0, UCS ili pa World. Fayilo ikabwera yaikulu kapena yaing'ono maulendo 1000, musaikoke ndi dzanja. Onani INSUNITS mbali zonse ziwiri, chifukwa 4 ndi mamilimita pomwe 6 ndi mamita, ndipo wojambula nyumba ndi woyeza malo kawirikawiri sagwiritsa ntchito muyezo umodzi.

REFEDIT ndiye khomo lakumbuyo. Imakulolani kusintha fayilo ya mnzanu muli mkati mwa yanu, ndipo mukasunga, zimalembedwa mu fayilo yake. Kwa ife tinagwirizana kuti ukaona cholakwika mu ntchito ya mnzako umamuuza, sukonza. Amene sakhulupirira anzake akhoza kuika XEDIT pa 0 mu fayilo yake, khomolo litsekeke.

Potumiza pulani kwa munthu wakunja kwa gulu, ETRANSMIT imasonkhanitsa mafayilo onse olumikizidwa mu phukusi limodzi. Akaumirira fayilo imodzi yokha, chitani Bind pa kope, osati pa pepala.dwg yeniyeni, chifukwa mukatero ulalo umaduka, leya ya msewu.dwg yomwe inkaoneka ngati msewu|MALIRE imasanduka msewu$0$MALIRE, ndipo zosintha za mawa sizidzalowanso.