Yamaha DT125 yogula kwa munthu: utsi, oilo ndi ndalama patatha chaka

"Achimwene, pali DT125 ina ikugulitsidwa motchipa, koma ikutulutsa utsi wabuluu wambiri. Mwiniwake akuti ndi chibadwa cha thu sitiroko. Yanu ija ikukuchitirani bwanji? Ndigule?"

Mlamu, mwiniwakeyo wanena zoona theka lokha. Yanga ndakhala nayo kupitirira chaka, ndipo nayonso inabwera ndi mawu omwewo. Zabwino zake sizifuna mawu ambiri: imalira pa kiki yoyamba kapena yachiwiri ngakhale m'mawa wa mu Juni, imakwera zitunda za miyala osadandaula, ndi yopepuka poyitulutsa m'matope, ndipo amakaniko ambiri a m'maboma amaidziwa chifukwa alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akhala akuyendera zimenezi kwa zaka zambiri. Nkhani yonse yagona pa utsiwo, chifukwa pali utsi wa chibadwa ndi utsi wa matenda.

Injini ya thu sitiroko ilibe mosungira oilo pansi pake. Mpweya ndi petulo zimayamba zadutsa m'chipinda cha kulankishafuti zisanakwere pamwamba pa pisitoni, choncho oilo wofewetsa mabering'i ndi maring'i amayenda limodzi ndi petuloyo n'kupsera limodzi. Sabwerera. Ndiye m'mawa injini ikali yozizira, tchoko chili chokokedwa, utsi wabuluu uyenera kuoneka, pakuti oilo amene anadikha usiku akupsa nthawi imodzi. Mukayenda mphindi zisanu kapena khumi, utsiwo uyenera kuchepa mpaka kungooneka pang'ono mukapatsa moto mwadzidzidzi. Utsi umene sukutha injini itatentha, umene ukusiya madontho akuda kukamwa kwa ekizosi ndi pa tayala la m'mbuyo, umenewo si chibadwa.

Yanga inali ya mtundu wachiwiriwu, ndipo inandivutitsa miyezi ingapo. Pulagi inkada n'kunyowa pasanathe milungu iwiri, injini inkatsamwa pokwera, ndipo malaya a aliyense amene ndamunyamula ankanunkha. Wogulitsa anali atadula pampu ya oilo, ija a Yamaha amaitcha Autolube, n'kunena kuti ndizingothira oilo mu thanki ya petulo "chivindikiro chimodzi kapena ziwiri". Chivindikiro si muyezo. Nditayamba kuyeza bwino ndi sirinji utsi unachepako, koma sunathe. Chimene chinaulula vuto lenileni ndi oilo wa mu giyabokosi. Mu njinga imeneyi oilo wa magiya ndi kilatchi amakhala kwayekha, ndipo sayenera kuchepa ngati pansi sipakudontha. Wanga ankachepa, pansi pali gwa. Ankapita kuti? Kumapeto a kulankishafuti, mbali ya kumanja kumene kuli kilatchi, kuli silo ya labala yolekanitsa giyabokosi ndi chipinda cha injini. Ikauma kapena kung'ambika, pisitoni ikamakwera imayamwa oilo wa magiya n'kumuwotcha. Utsi wake ndi wokhuthala, wotuwirako, ndipo fungo lake ndi loswa mphuno, losiyana ndi la oilo wa 2T. Ngakhale muchepetse oilo wa mu petulo bwanji, sutha, ndipo apa ndi pamene anthu amaphera injini: amachepetsabe oilo wofunikayo pofuna kuthetsa utsi, mpaka pisitoni kugwira.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Imikani njinga mowongoka, onani mlingo wa oilo wa giyabokosi, yendani mlungu umodzi, onaninso pamalo omwewo injini itazizira. Ngati watsika koma palibe podontha, silo ya kumanja yapita. Kukonza sikufuna kung'amba injini pakati. Makaniko amakhetsa oilo, amachotsa chivindikiro cha kilatchi, kilatchiyo, ndi giya ya pa kulankishafuti, kenako amazula silo yakale n'kulowetsa yatsopano mosapendeka, atapaka tioilo pamlomo pake. Ikani gasiketi yatsopano, osabwezera yakale ndi guluu. Muuzeni aonenso silo ya kumanzere, kuseri kwa magineto, chifukwa ziwirizi zimakalamba limodzi. Ya kumanzereyo siibweretsa utsi ayi, imalowetsa mpweya. Chizindikiro chake ndi injini yomangolira mokweza mutasiya moto, yochedwa kutsika, ndi pulagi yoyera mbuu. Imeneyo ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa injini imatentha mopitirira popanda kukuchenjezani ndi utsi.

Za pampu ija. Ine ndinaibwezeretsa, ndipo ndikulangiza aliyense atero ngati pampuyo ili yamoyo. Imazungulitsidwa ndi injini, ndipo kebulo ya moto imailamulira, kotero imapereka oilo wochepa injini ikangolira poima ndi wochuluka mukapatsa moto wonse. Wosakaniza mu thanki amapereka muyezo umodzimodzi nthawi zonse, ndiye m'tauni pa liwiro lochepa amachulukitsa utsi. Palinso chinthu china chimene anthu saganizira. Potsika mtunda wautali ngati wa ku Thabwa kulowera ku Chikwawa kapena wa Khwekhwelere, ambiri amasiya moto n'kumagwiritsa giya kuti njinga isathamange. Ngati oilo ali mu petulo, kutseka moto ndi kutsekanso oilo pamene injini ikuzungulira mothamanga. Pampu imapitiriza kudonthetsa pang'ono. Amene alibe pampu azipatsa timoto pafupipafupi atagwira kilatchi potsika malo otere.

Poibwezeretsa pali zinthu zitatu zosadumpha. Masulani kasikuluu kotulutsira mpweya pa pampu mpaka oilo azituluka wopanda thovu, ndipo onani kuti kapaipi kopita ku injini kadzaza. Yezani kampata kakang'ono ka pampu moto uli wotseka, kayenera kukhala pakati pa 0.20 ndi 0.25 mm, ndipo kamasinthidwa ndi timawashala topyapyala. Kenako sinthani kebulo kuti chizindikiro cha pa gudumu la pampu chilunjike pa kapini kake monga buku la njingayo likunenera. Thanki yoyamba ya petulo muthiremo oilo pang'ono, 20 ml pa lita, mpaka mutaona ndi maso kuti oilo wa mu kathanki kake akutsika. Pambuyo pake lekani. Kuthira konsekonse masiku onse ndi njira ina yopezera utsi wosatha.

Ngati pampu inafa kapena inachotsedwa, yezani. Pa 32:1 ndi 31 ml pa lita imodzi ya petulo, kapena 156 ml pa malita 5. Pa 25:1 ndi 40 ml pa lita, 200 ml pa malita 5. Pa 40:1 ndi 25 ml pa lita. Ndi oilo wamba wa 2T, 32:1 ndi malo abwino oyambira. Sakanizani m'chigubu, kugwedeza bwino, kenako muthire mu thanki, chifukwa oilo wothiridwa yekha amatsikira ku kampopi n'kulowa mu kabuleta ali phala. Tsekani bwino kabowo kamene kapaipi ka pampu kankalowera, pakuti kakangotsala pululu kamalowetsa mpweya. Ndipo musaganize kuti oilo wochuluka ndi chitetezo chochuluka. Jeti ya kabuleta imadutsitsa zamadzimadzi zochuluka mofanana, ndiye oilo akachuluka petulo amachepa, injini n'kumatentha uku ikufuka. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethano, amene amakoka chinyezi, choncho musasunge wosakaniza kale kwa milungu yambiri.

Mtundu wa oilo unandidabwitsa kuposa china chilichonse. Werengani kuseri kwa botolo. Wolembedwa JASO FB ndi wamba, pamene JASO FC ndi JASO FD anapangidwa kuti azichepetsa utsi ndi mwaye. Nditasintha kupita ku FC silo itakonzedwa, kusiyana kunaoneka pa thanki yoyamba yomwe, ndipo pulagi ya NGK B8ES inayamba kutuluka yofiirira, youma. Ndi wodulirapo, koma mapulagi ndi ntchito yokokota mwaye amabweza kusiyanako. Oilo wolembedwa TC-W3, wopezeka kwambiri ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, ndi wa injini za maboti zozizitsidwa ndi madzi a m'nyanja, osati injini yotentha yozizitsidwa ndi mphepo ngati iyi. Oilo wa galimoto ayi ndithu, makamaka uja wakuda wokhetsedwa kale wogulitsidwa m'timabotolo m'mbali mwa msewu. Amasiya makala pa maring'i mpaka kukakamira m'mizere yawo.

Miyezi ya utsi ija inasiya mwaye mu ekizosi, moti njinga inkalephera kufika liwiro lake ngakhale silo inali itakonzedwa. Tinazula kapaipi ka mkati mwa sayilensa, kuwotcha phula lake panja, kupala ndi bulashi ya waya, n'kukokotanso bowo la utsi pa silinda ndi kamtengo kolimba, osati chitsulo. Mphamvu inabwerera tsiku lomwelo.

Ngakhale zonsezi zili bwino, tisanamizane, njinga imeneyi imaipitsa mpweya. Pa kanthawi kena bowo lolowetsa ndi lotulutsa amakhala otsegula limodzi, ndipo gawo lina la petulo watsopano, nthawi zina kotala kapena kuposa, limatuluka losapsa. Limenelo ndilo fungo limatsalira pa zovala, pamodzi ndi timadontho ta oilo tolowa m'mapapo. Mzinda wa Dhaka ku Bangladesh unaletsa matakisi a matayala atatu a thu sitiroko kuyambira Januwale 2003 chifukwa cha utsi womwewu. Kwathu kuno chondidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chogoneka njinga pabalaza usiku n'kuilizira momwemo m'mawa kuti itenthe. Mu utsimo muli mpweya wakupha wosaoneka, wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula. Ikankhireni panja kaye, kutali ndi zenera ndi ana.

Petulo wotayikayo ndi ndalama. Yanga imayenda makilomita 25 mpaka 30 pa lita, pamene folo sitiroko za kabaza za kukula kofanana zimadutsa 40. Pa makilomita 1,000 ndi malita pafupifupi 36 a petulo, ndipo wosakaniza pa 32:1 awonjezere oilo wopitirira lita imodzi. Ndikakhala m'misewu ya kumudzi nthawi ya dzinja ndimaikonda njingayi ndi mtima wonse. Ndikaima pa mzere wa petulo m'tauni ndimaganiza zoigulitsa. Pa kabaza wa tsiku ndi tsiku sindingakulangizeni.

Wondigulitsa uja nditamubwerera ndi silo yong'ambika m'manja, anavomera kulipira siloyo yokha. Za makaniko, gasiketi, oilo ndi mapulagi anati njinga inachoka kwake ikuyenda. Zimenezi zimandiwawabe, chifukwa munthu wodula pampu ankadziwa kuti utsi wachuluka. Ndiye inu mlamu, pitani m'mawa injini isanalizidwe, muyende nayo mphindi khumi ndi zisanu, mununkhize utsi, muzule pulagi, muone oilo wa giyabokosi ndi mapaipi a pampu. Ngati utsi sukutha, funsani makaniko wanu mtengo wa masilo awiri, gasiketi, maring'i ndi ntchito yake, muchotse ndalama imeneyo pa mtengo wa njinga musanapereke kalikonse. Akakana kutsitsa, musiyireni.