Ndemanga: laputopu yakale yokonzedwanso, patatha miyezi isanu ndi umodzi

Ndimakhala ku Ulongwe, ndipo ndimadya za kukonza zikwangwani za mashopu, makadi a ukwati ndi mapepala olengeza misonkhano ya mpingo. Nditapita ku Tete kukagula laputopu ndinapeza ziwiri za mtengo wosasiyana kwenikweni. Ina inali yatsopano, ya m'katoni, RAM 4 GB ndi malo osungira zinthu 64 GB. Inayo inagwirapo ntchito mu ofesi kunja, ya 2018, Core i5 ya m'badwo wa 8, RAM 8 GB ndi SSD ya 256 GB. Ndinatenga yakaleyo.

Yatsopano ija ndinkaidziwa kale, chifukwa mng'ono wanga ali ndi yonga yomweyo ndipo ndinaibwerekapo. Pa 64 GB paja, Windows payokha imadya pafupifupi theka. Tsiku lina ndinkakonza chikwangwani cha mamita 3 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, pa 150 dpi. Chithunzi chotere chikatseguka chimafuna 300 MB ndi kupitirira, musanasanjikepo mawu kapena zithunzi zina. RAM ikadzaza, Photoshop imabwereka malo pa disiki, ndiye disikiyo ikakhalanso yodzaza mumangoona uthenga woti "scratch disks are full". Ntchito inaimira pomwepo, mwini shopu akudikira. Chondiwawa n'chakuti m'malaputopu ambiri otere RAM ndi chosungiracho n'zomatirira mkati, simungachotse n'kuika zazikulu. Fulashi imangosunga mafayilo, sichiza vutoli.

Yangayi imatseguka pansi. Ndinagula RAM ina ya 8 GB, DDR4, zonse zakwana 16 GB, ndipo zikwangwani za saizi yomwe ija ndikumaliza popanda kudodoma.

Koma musaitenge osayesa batire. Muli m'shopu momwemo, tsegulani Command Prompt mulembe izi:

```
powercfg /batteryreport
```

Ikuuzani pomwe yasunga lipoti. Mmenemo yerekezani Design Capacity, mphamvu yomwe batire inabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity, yomwe yatsala. Ine ndinachita zimenezi nditafika kale kunyumba, n'kupeza kuti yatsala theka ndi pang'ono. Magetsi akathima ndimagwira maola awiri okha, choncho ndikusunga ndalama ya batire ina.

Sikirini nayonso ndi ya muofesi, mitundu yake njozilala. Khadi loyamba kufiira kwake kunatuluka kowala kuposa momwe ndinkaonera, ndiye pano ndimayamba ndasindikiza kachidutswa. Posankha onetsetsani kuti ndi ya 1920x1080, chifukwa pa 1366x768 zida za pulogalamu zimaphimba ntchito.

Yakale kuposa m'badwo wa 8 ndinaikana dala. Windows 10 inasiya kulandira zokonza pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 pafupifupi ma Intel onse omwe imavomereza ndi oyambira m'badwo umenewu. Wogulitsa anandilembera chitsimikizo cha miyezi itatu pa lisiti nditachita kuumirira, ndipo miyeziyo yatha, sindinabwerereko.