Miyezi isanu ndi iwiri ndikukonza masilaidi osuluka ndi Levels: zimene zagwira ndi zimene ndasiya

Wina anandifunsa za masilaidi, zithunzi za pa filimu zoonetsa pa pulojekita, kuti: "Munanena kale kuti mwayamba kukonza masilaidi anu ofiirira pogwiritsa ntchito Levels ya mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP. Ine ndikadina pa malo otuwa, mithunzi imakhalabe yofiira koma mitambo imasanduka yobiriwira. Kodi njira yanuyo ikukuthandizanibe?"

Ikundithandizabe, koma sindikuigwiritsanso ntchito monga ndinkachitira mwezi woyamba, ndipo masilaidi onse amene ndinakonza nthawi imeneyo ndinawabwerezanso. Vuto mwakumana naloli nanenso linandisowetsa mtendere kwa milungu ingapo, mpaka nditamvetsa kuti gwero lake lili mu filimu momwemo osati mu sikana.

Silaidi ili ndi utoto wa mitundu itatu wosanjikizana: wachikasu umene umatsekereza kuwala kwa buluu, wa majenta umene umatsekereza kuwala kobiriwira, ndi wa sayani umene umatsekereza kuwala kofiira. Utotowu susuluka pa liwiro limodzi. M'masilaidi ambiri a filimu ya Ektachrome otsukidwa njira ya E-6 isanabwere m'zaka za m'ma 1970, utoto wa sayani ndiwo umatsogola kutha, wachikasu n'kutsatira, ndipo n'chifukwa chake chithunzi chimafiirira. Chofunika kuchigwira ndi chakuti utoto umachepa molingana ndi kuchuluka kwake pamalopo. Pa mtambo woyera panalibe utoto wambiri kuyambira pachiyambi, choncho palibenso chambiri chotayika, pamene mu mthunzi, mmene utoto unali wochindikala, ndimo mwawonongeka kwambiri. Chida chimene chimangotsitsa kufiira mofanana pachithunzi chonse sichingalondole kusiyana kumeneku.

Ndipereke chitsanzo cha silaidi imodzi imene ndinaibwereza katatu. Pachithunzipo pali munthu wovala malaya oyera ataima pafupi ndi khoma la simenti, ndipo kumbuyo kwake kuli chitseko chotsegula cha chipinda chamdima. Nditayeza ndi Color Picker, nditayatsa Sample average kuti timadontho ta filimu tisandinamize, khoma linapereka kufiira R 160, kubiriwira G 118, buluu B 130. Malaya anali R 245, G 238, ndipo mdima wa pachitseko unali R 62, G 24. Pamalaya kusiyana kunali 7 kokha, pomwe pachitseko kufiira kunaposa kubiriwira kuwirikiza kawiri ndi theka. Ulendo woyamba ndinatsitsa kufiira konse kuti khoma lifike pa 118. Khomalo linakhaladi lotuwa, koma malaya anagwa kufika pa 181 n'kuoneka ngati aviikidwa m'madzi a buluu, ndipo chitseko chinatsalira pa 46, chofiirabe ngati njerwa.

Chimene chinathetsa nkhaniyi ndi kanambala kapakati ka pansi pa Input Levels, kamene kamayambira pa 1.00. Kanambalaka kamasintha kwambiri malo akuda ndi apakati n'kusiya oyera pafupifupi momwe alili, ndipo umu ndi momwenso utoto unasulukira. Ndinasankha Red pa Channel, n'kutsitsa kanambalako kufika pa 0.60. Khoma linabwera pa 117, chitseko pa 24, malaya pa 238, malo atatu onse n'kugwirizana ndi Green nthawi imodzi. Kenako pa Blue ndinaika 0.88, ndipo Green sindinaikhudze, chifukwa m'masilaidi otere majenta ndiwo utoto umene watsala wamphamvu, choncho ndiwo muyeso wa inayo. Lero ndimayamba ndi kanambala kapakati, ndipo timivi ta m'mphepete ndimatisuntha pomaliza, pang'ono chabe, ngati malo oyera ali ndi chikasu cha ukalamba kapena mdima sunade mokwanira.

Phunziro limene linandidyera nthawi yambiri linali la kusikana. Mabokosi awiri oyamba ndinawasunga ngati JPEG, sikana itakonza kale mitundu yokha. Fayilo yotere ili ndi masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse, ndipo silaidi yosuluka imangogwiritsa ntchito gawo la masitepewo. Mukaitambasula, thambo limatuluka mizeremizere, ndipo chithunzi cha Histogram chimaoneka ngati chipeso chothyoka mano. Ndinasikananso zonse ngati TIFF ya mabiti 16 pa mtundu uliwonse, imene ili ndi masitepe ochuluka kwambiri, nditazimitsa zokonza zonse za sikana, ndipo fayilo yoyambayo sindiilemba pamwamba. Imaoneka yonyansa, inde, koma ndiyo yandilola kubwerera m'mbuyo maganizo anga atasintha.

Ndipo anasinthadi. Nditatsegula ntchito ya mwezi woyamba patapita miyezi inayi, ndinapeza kuti nkhope zambiri zinali zozizira, zotuwa ngati za munthu wodwala. Diso likayang'ana zofiira kwa ola lathunthu limazolowera, ndiye mumangokankhabe mpaka mutapitirira. Panalinso zithunzi zojambulidwa dzuwa likulowa zimene ndinazichotsa kufiira kwake kwachilengedwe, poganiza kuti ndi kusuluka. Tsopano ndimasankha silaidi imodzi yojambulidwa masana, yokhala ndi chinthu chotuwa chodalirika, ndimapeza manambala ake, ndimawasunga mu Presets, kenako ndimawaika pa masilaidi onse a filimu imodzimodziyo, poti anatsukidwa limodzi ndipo anasungidwa limodzi. Chithunzi chamadzulo chikatsala chofunda pambuyo pake, ndimachisiya chomwecho. Njirayi imalephera pa silaidi imene inkaonetsedwa kawirikawiri pa pulojekita, chifukwa imeneyo inasuluka mwa yokha ndipo imafuna manambala akeake.

Filimu ya Kodachrome ndi nkhani ina. Ikasungidwa mu mdima imasunga mitundu yake bwino kwambiri, ndipo buluu amene amaoneka mukaisikana kawirikawiri amachokera ku momwe sikana imawerengera utoto wake. Ndikaiika silaidiyo pa kuwala koyera n'kuona kuti ili bwino, ndimadziwa kuti ndikukonza sikana, ndipo kusintha kofanana kumakwanira bokosi lonse.

Manegetivu ndiwo andivuta kwambiri, ndipo pano Levels yokha sindingaiyamikire ndi mtima wonse. Choyamba pali utoto wa olenji wophimba filimu yonse, umene uyenera kuchotsedwa chithunzi chisanatembenuzidwe. Ndimasikana pamodzi ndi kachigawo kopanda chithunzi ka pakati pa mafulemu, n'kukatenga ngati poyera. Chachiwiri, zonse zimakhala chadodolido: malo ochindikala pa negetivu ndi amene amadzakhala owala pa chithunzi, choncho kusuluka kumaonekera m'mitambo ndi m'zovala zoyera osati m'mithunzi. Utoto wachikasu ukachepa pa negetivu, chithunzi chotembenuzidwa chimatuluka ndi chikasu m'malo owala. Apa ndimapita ku chida china cha mu GIMP chotchedwa Curves, n'kuika mfundo zitatu pa mtundu uliwonse, ndipo popeza palibe choyambirira chooneka ndi maso chofanizira, ndimavomereza kuti mbali ina ndikungoyerekeza.

Pali masilaidi okwana ngati khumi ndi awiri amene ndawagonjera. Ena anasuluka kwambiri m'mphepete kusiyana ndi pakati, moti manambala okonza pakati amawononga m'makona. Ena sayani anatheratu, kotero kuti Red imafuna nambala yochepera 0.40, ndipo pamenepo masamba a mitengo amatuluka akhaki, mithunzi n'kudzaza timadontho tamitundumitundu. Amenewa ndimawasandutsa akuda ndi oyera kudzera mu Mono Mixer, kutenga pafupifupi zonse ku Green, kumene nkhope ndi makwinya a zovala zikadali zakuthwa.